Kukonzeratu foni kuti ikatayika muipeze, muitseke kapena muifufute

Mafoni ambiri a Android amene tili nawo kuno, kaya ndi Tecno, itel, Infinix, Samsung kapena Redmi, amabwera ali kale ndi njira yowasakira akatayika. Njirayi ndi ya Google. Inayamba mu 2013 ikutchedwa Android Device Manager, mu 2017 inakhala Find My Device, ndipo kuyambira mu 2025 dzina lake ndi Find Hub. Foni yanu ikhoza kuonetsa limodzi mwa mayina awiri omalizawa malinga ndi pamene inalandira zosintha, koma chinthucho ndi chimodzi.

Kawirikawiri njirayi imayaka yokha mukangoika akaunti ya Google m'foni. Ndiye n'chifukwa chiyani anthu ochuluka foni ikawasowa amalephera kuiona pa mapu? Vuto silikhala pa batani loyatsira. Limakhala loti mwini wake sangathe kulowa mu akaunti yake pa foni ya munthu wina: pasiwedi saikumbukira, kapena Google ikutumiza nambala yotsimikizira ku foni yomwe yabedwayo. Choncho malangizo awa ayambira pa akaunti, ndipo pamenepo ndi pamene tikhalitsepo. Zonsezi zichitidwe foni ikadali m'manja mwanu, pamene muli ndi deta komanso nthawi yokhala pansi.

Yambani ndi akaunti ya Google

Tsegulani Settings, pitani pa Google, ndipo pamwamba muona adiresi ya imelo yothera ndi @gmail.com. Ilembeni papepala chilembo ndi chilembo, osaiwala kadontho ndi manambala ngati alipo. Mukaona maakaunti awiri kapena atatu, lembani onse, kenako poyesa mudzaona imene ikuonetsa foni yanu.

Tsopano dzifunseni moona mtima: akauntiyi anatsegula ndani? Ambiri foni anagula m'shopu, wogulitsa n'kuwatsegulira imelo pomwepo kuti aikemo WhatsApp, pasiwedi anaitchula pakamwa kamodzi, basi. Ena anawatsegulira mdzukulu amene pano ali ku Joni. Ngati foni munagula kwa munthu, mwina mukadali akaunti ya mwini wake wakale, kutanthauza kuti iyeyo ndi amene angaione pa mapu, kuitseka ngakhale kuifufuta, osati inu. Akaunti yotere ichotsedwe ndi mwini wakeyo, inu muikemo yanu.

Njira yodziwira ngati pasiwedi mukuidziwa ndi imodzi yokha. Tsegulani Chrome, dinani timadontho titatu ta pakona, sankhani New Incognito tab, kenako lembani accounts.google.com ndipo yesani kulowa. Ikakana, sinthani pasiwedi lero lomwe pogwiritsa ntchito Forgot password. Panopa n'zosavuta chifukwa Google itsimikiza kuti ndinu kudzera pa foni imene mwagwirayo. Foni ikachoka, ntchito yomweyi ikhoza kukutengerani masiku, mwinanso osatheka n'komwe.

Mukalowa, pitani ku myaccount.google.com, mupeze gawo la Security. Muli malo awiri olembedwa Recovery phone ndi Recovery email. Pafupifupi aliyense pa Recovery phone anaikapo nambala imene ili m'foni yomweyo, zomwe zikufanana ndi kukhoma chitseko makiyi n'kuwasiya m'kati. Ikanipo nambala ya munthu wa pakhomo panu amene mumamudalira, kapena nambala yanu yachiwiri imene imakhala mu kafoni ka mabatani kotsala kunyumba. Google imanena kuti kusintha kotere kukhoza kutenga mpaka masiku 7 kuti kuyambe kugwira mokwanira, ndiye si chinthu chochita tsiku limene foni yasowa.

Chachikulu pa zonse ndi ichi. Ngati 2-Step Verification ndi yoyaka, ndipo pa maakaunti ambiri Google inayatsa yokha, pasiwedi payokha sikwanira polowa pa foni yachilendo. Pamafunika chitsimikizo chachiwiri, chimene chimapita ku foni yanu. Pothana ndi zimenezi, lowani mu 2-Step Verification, pezani Backup codes, ndipo dinani kuti akupatseni. Mulandira manambala 10, iliyonse ya madijiti 8, ndipo iliyonse imagwira kamodzi kokha. Alembeni ndi cholembera. Musawajambule n'kusunga chithunzicho m'foni, chifukwa chipita limodzi ndi foniyo. Pepala likhale kunyumba, pamene mumasunga makalata a sukulu ndi mabuku a kuchipatala. Ine ndimalangiza kuti manambala awiri mwa khumiwo muwalembe pa kapepala kena koyenda nako, kopanda imelo kapena pasiwedi pambali pake, chifukwa foni siisowera kunyumba nthawi zonse, ndipo mphindi zoyambirira ndi zimene zimapulumutsa.

Papepala la kunyumbalo wonjezanipo IMEI, nambala imene imasiyanitsa foni yanu ndi ina iliyonse ya mtundu womwewo. Imbani izi ngati mukuimba nambala wamba:

```
*#06#
```

Foni yolowa masimukhadi awiri ionetsa manambala awiri, iliyonse ya madijiti 15. Lembani onse. Amapezekanso pa katoni imene foni inabweramo, choncho katoniyo ndi lisiti musataye.

Loko wa pa sikirini ndi wa simukhadi

Foni yopanda loko sisakika, pakuti amene waitola amangolowa mu Settings n'kuzimitsa zonse zimene tikukambazi. Ikani PIN ya madijiti 6. Isakhale chaka chimene munabadwa, isakhale mathero a nambala yanu ya foni, ndipo koposa zonse isafanane ndi ya Airtel Money kapena Mpamba. Anthu amakonda loko wojambula ndi chala, koma amaoneka msanga kwa munthu wokhala pambali panu mu minibasi, ndiponso chala chimasiya mzere pagalasi umene umaoneka ukalipendeketsa padzuwa. Chidindo cha chala ndi chabwino chifukwa chimachepetsa nthawi zimene mumalemba PIN pagulu. Munthu amene waona PIN yanu asanabe foni ndi woopsa kuposa amene wangoitsomphola, chifukwa ndi PIN imeneyo akhoza kusintha ngakhale pasiwedi ya Google.

PIN yomweyi ili ndi ntchito ina imene ambiri saidziwa. Malo omaliza amene foni inaonekera amasungidwa ali obisika, ndipo nthawi zina pofuna kuwaona muli pa foni ina mudzafunsidwa PIN ya foni yosowayo. Ngati mwazolowera chala mpaka PIN munaiwala, ikumbukireni lero.

Kenako bisani mauthenga pa sikirini yotseka. Mu Settings sakani Lock screen kapena Notifications, musankhe kuti zam'kati mwa uthenga zisaoneke foni ikadali yotseka. Mukapanda kutero, nambala zachinsinsi zochokera ku banki kapena ku WhatsApp zimawerengeka bwinobwino popanda kutsegula foni.

Simukhadi nayo ili ndi loko wake, ndipo kuno kwathu, kumene ndalama zimakhala pa nambala ya foni, loko ameneyu ndi wofunika. Wakuba akalephera kutsegula foni amasolola simukhadi n'kuiika mu foni ina. Pamenepo akulandira mauthenga anu, akhoza kulanda WhatsApp yanu n'kuyamba kupempha ndalama kwa abale anu m'dzina lanu. Mu Settings sakani SIM lock kapena SIM card lock, muyatse. Idzakufunsani PIN imene simukhadi inabwera nayo kuchokera ku kampani. Apa musaganizire. Mukalakwitsa katatu simukhadi imatsekeka n'kufuna PUK, nambala ya madijiti 8 imene imalembedwa pa pulasitiki imene munathyolapo simukhadi, ndipo PUK mukailakwitsa ka 10 simukhadi yafa. Ngati PIN yoyambayo simukuidziwa, funsani kaye ku ofesi ya Airtel kapena TNM. Ikayaka, isintheni kukhala yanu.

Loko ameneyu ali ndi mtengo wake. Foni ikazima n'kuyakanso, simukhadi siigwira netiweki mpaka wina alembe PIN, kutanthauza kuti foniyo siidzaoneka pa mapu kudzera pa deta, ndiponso munthu wachifundo amene waitola n'kuitchaja sangayankhe mukaimba. Ine ndimaona kuti kuteteza nambala kumaposa, koma dziwani chimene mwasankha.

Kuyatsa Find Hub ndi zimene imafuna

Njira yofikirako imasiyana malinga ndi kampani ya foni, ndiye chachidule n'kugwiritsa ntchito kagalasi kosakira pamwamba pa Settings, n'kulemba Find. Pa mafoni ambiri ili pa Settings, Google, All services, kenako Find Hub kapena Find My Device. Batani lololeza kuti foni ipezeke likhale loyaka.

Pansi pake pali Find your offline devices, ndipo apa m'pofunika kumvetsa. Kuyambira mu 2024, mafoni a Android 9 kupita m'mwamba amathandizana kusaka. Foni yanu ikakhala yoyaka koma yopanda intaneti, imatulutsa kachizindikiro ka Bluetooth. Foni ya munthu wina yodutsa pafupi imakamva n'kutumiza malowo mobisa, mwini wake osadziwa kuti wathandiza ndani. Mudzaona zosankha zinayi: kuzimitsiratu, kusunga malo omaliza okha, kugwiritsa ntchito mafoni a ena pamalo pa anthu ambiri pokha, ndi kuwagwiritsa ntchito paliponse. Foni imabwera itasankha chachitatucho, chimene chimadikira kuti mafoni angapo aimve isanaonetse malo. Mu msika wa Limbe kapena pa depoti ya ku Lilongwe zimenezo zikhoza kutheka. Kumudzi, kumene mafoni oyatsa deta ndi Bluetooth nthawi imodzi ndi owerengeka, musaikepo mtima kwambiri. Sankhani chachinayi kuti nanunso muzithandiza ena kulikonse, ndipo Bluetooth muisiye yoyaka.

Location nayo ikhale yoyaka, ndipo m'kati mwake yatsani Google Location Accuracy, imene imaphatikiza GPS ndi nsanja za netiweki komanso Wi-Fi wapafupi. Ambiri amazimitsa Location poopa batire. Kunena zoona, chimene chimadya moto si batanilo ayi, koma mapulogalamu amene amafunsa malo mosalekeza. Amenewo mukhoza kuwamana chilolezo limodzi ndi limodzi, batani lalikulu n'kulisiya. Location ikakhala yozima, foni mukhoza kuiliza, kuitseka kapena kuifufuta, koma pamene ili simupaona.

Tsopano nkhani ya deta, imene kwa ife ndi yaikulu. Lamulo lililonse limene mutumize, kaya kuliza, kutseka kapena kufufuta, limayenda pa intaneti. Chizolowezi chathu n'chozimitsa deta tikamaliza kuwerenga mauthenga kuti bandulo ifike mawa. Foni yotayika deta ili yozima, kapena bandulo itatha, sikumva chilichonse. Dziwaninso kuti bandulo ya WhatsApp yokha kapena ya Facebook yokha si yodalirika pa ntchito iyi, chifukwa malamulowa amadutsa ku Google. Find Hub payokha imadya deta yochepa kwambiri. Chanzeru n'kuyatsa Data Saver, kuletsa mapulogalamu kudzisintha okha pa deta, kenako deta n'kuisiya yoyaka mukamatuluka pakhomo, makamaka popita kumsika, kumpira kapena pa ulendo. Njira zopulumutsira batire mopitirira, monga Ultra Power Saving, kawirikawiri zimatsekereza mapulogalamu ambiri, ndiye foni ikakhala m'menemo musadabwe ikapanda kuyankha.

Pa All services pomwepo pali Theft protection, imene inafika mu 2024 pa mafoni a Android 10 kupita m'mwamba. Theft Detection Lock imatseka sikirini ikamva kuti foni yatsomphoredwa ndipo wina akuthawa nayo. Offline Device Lock imatseka foni ikachotsedwa pa intaneti kwa kanthawi. Remote Lock ndi imene ndikufuna muisamale: mukaiyatsa n'kutsimikiza nambala yanu, mukhoza kutseka foni pa android.com/lock pongolemba nambala ya foni, popanda pasiwedi ya Google. Mafoni otsika mtengo okhala ndi Android Go, monga ma itel ambiri, salandira zina mwa zotetezazi. Mukapanda kuziona, foni sinawonongeke, ndipo Find Hub imagwirabe.

Musanachoke mu Settings, onani Backup pansi pa Google, komanso Chat backup mu WhatsApp. Munthu amene akudziwa kuti manambala a anthu ndi zithunzi zake zasungidwa kwina sazengereza kufufuta foni nthawi yake ikakwana.

Yesani foni isanasowe

Musakhulupirire kuti zatheka musanaone ndi maso. Bwerekani foni ya mnzanu, tsegulani New Incognito tab, lembani android.com/find. Lowani ndi imelo ndi pasiwedi yanu. Ikafunsa chitsimikizo chachiwiri, musatenge foni yanu. Dinani Try another way, musankhe kulemba imodzi mwa manambala a papepala aja. Mwawononga imodzi, zatsala 9, koma mwadziwa kuti pepala likugwira ntchito. Ngati mnzanuyo ali ndi pulogalamu ya Find Hub, muli Sign in as guest, imene imakulowetsani osasokoneza akaunti yake.

Muyenera kuona dzina la foni yanu, moto umene watsala mu batire, netiweki imene yagwira, nthawi imene inaonekera komaliza, ndi mapu okhala ndi kabwalo kozungulira. Dinani Play sound. Foni ilira mokweza kwa mphindi 5 ngakhale itakhala yoletsedwa kulira. Onaninso kuti pa foni yanu pabwera uthenga wonena kuti yasakidwa. Kumbukirani zimenezo, chifukwa wakuba nayenso adzauona.

Foni ikapanda kuoneka pa mndandanda, mwalowa ndi akaunti ina. Ikaoneka koma n'kumati sikufikirika, vuto ndi deta. Ikalira koma mapu osaonetsa malo, vuto ndi Location. Kabwalo kakakula mpaka kuphimba dera lonse, foni ikungodalira nsanja, zimene zimachitika m'nyumba ya malata kumene GPS imavutika. Tulukani nayo panja muone kabwalo kakuchepa. Mukamaliza tsekani tsamba la Incognito lija kuti akaunti yanu isatsale pa foni ya mnzanu.

Tsiku limene yasowa

Tiyerekeze mayi wogulitsa zitenje amene anachita zonsezi. Watsika minibasi pa Ginnery Corner akuchokera ku Limbe, wafika pamene amapita, wapisa m'chikwama, foni mulibe. Ndi Tecno ya masimukhadi awiri, deta inali yoyaka, ndipo pa Airtel Money pali ndalama za katundu.

Choyamba abwereke foni n'kuimba nambala yake. Ikulira, palibe akuyankha. Chimenechi ndi chizindikiro chabwino: foni ndi yoyaka ndipo simukhadi ikadalimo. Asataye nthawi n'kuimba kambirimbiri. Atsegule android.com/lock, alembe nambala yake, sikirini itsekeke. Kenako alowe pa android.com/find ndi nambala ya pa kapepala kaja.

Mapu akuonetsa foni ili cha ku Wenela, batire pa 41, yaoneka pompano. Akadinanso pakapita mphindi zochepa, kadontho kasuntha n'kuyamba kubwerera mu msewu wa Chipembere kulowera ku Limbe. Foni imene ikuyenda njira ya minibasi, kuima pa masiteji n'kubwerera, mwachionekere inagwera pansi pa mpando. Apa adine Secure device, imene pa mafoni ena ikulembedwa Mark as lost, n'kulemba uthenga woti uoneke pa sikirini: "Foni iyi yatayika, chonde imbani nambala ili pansipa, mudzathokozedwa." Aikepo nambala ya mwamuna wake kapena ya mchemwali wake. Adiresi ya kunyumba asaike. Kenako apite ku siteji ya Limbe, alankhule ndi amene amayang'anira maminibasi, ndipo akakhala pafupi ndi galimoto imene mapu akuloza, m'pamene adine Play sound.

Kuliza n'kwa pamene muli pafupi moti mungamve. Kuliza foni muli kutali n'kungodziwitsa amene ali nayo kuti ikusakidwa, iye n'kuizimitsa.

Tsopano tisinthe nkhani. Mayi uja waimba, foni yalira kawiri n'kudulidwa, kuimbanso sikupezeka. Pa mapu pakuoneka malo akale ndi mawu oti inaonekera komaliza mphindi 20 zapitazo. Foni imene inali ndi moto wokwanira siizima yokha. Yabedwa, ndipo wakuba waizimitsa kapena wachotsa masimukhadi. Dongosolo likusintha.

Atumizebe lamulo lotseka. Lidikira, ndipo ligwira foniyo ikadzangokhudza intaneti. Ajambule mapu aja ndi nthawi yake pa foni ya mnzakeyo. Kenako, osazengereza, atseketse manambala onse awiri ku Airtel ndi ku TNM, atanyamula chiphaso cha unzika chimene analembetsera, n'kutenga masimukhadi atsopano a manambala omwewo. Ngati ali ndi akaunti ya kubanki yolumikizidwa ku foni, adziwitsenso banki. Simukhadi yatsopano ikagwira, alembetse WhatsApp pa foni ina, ndipo ya m'foni yobedwayo imatuluka yokha.

Apa pali kusankha kovuta. Kutseketsa simukhadi kumadula deta ya foni yosowayo, ndiye mwadzitsekera nokha njira yoionera. N'chifukwa chake pa nkhani yoyamba ija, foni ikuyenda ndi minibasi ili yotseka, mayiyo akhoza kudikira maola ochepa asanatseketse, makamaka poti simukhadi ili ndi PIN. Pa nkhani yachiwiri palibe chodikira, chifukwa foni yasiya kale kuyankha ndipo chatsala n'kuteteza ndalama ndi dzina lake. Amene sanaike PIN pa simukhadi atseketse nthawi yomweyo, kaya foni ikuoneka kaya ayi.

Akanene ku polisi atatenga IMEI, lisiti ndi chithunzi cha mapu. Ngati IMEI sanailembe, imaonekanso mu Find Hub mukadina kagiya ka pambali pa dzina la foni. Foni ikadzatulukira pa mapu usiku, tinene ku Ndirande kapena ku Bangwe, asatenge achibale kukagogoda pa khomo la munthu. Kabwalo ka pa mapu, pamalo pamene nyumba zili zothithikana, kakhoza kuphimba mabanja angapo, ndipo kuloza munthu wosalakwa kuti ndi wakuba kumatha moipa kwambiri m'makwalala athu. Zimene mapu aonetsa zipite kwa wapolisi amene akutsatira nkhaniyo.

Za pasiwedi ya Google: ngati foni inatsomphoredwa ili yotsegula, kapena akukayika kuti wina anaona PIN, aisinthe msanga akangomaliza kutumiza lamulo lotseka. Koma asathamangire kutulutsa foniyo pa mndandanda wa zipangizo za mu akaunti, chifukwa kutero kukhoza kudula chingwe chimene akuisakira.

Kufufuta kumabwera pomaliza, ndipo sikubwezeka. Batani lake ndi Erase device kapena Factory reset device. Limachotsa zithunzi, mauthenga ndi mapulogalamu, koma memori khadi ikhoza kutsala ndi zonse zimene zilimo. Foni ikafufutika siionekanso pa mapu. Ngati ili yozima, lamulo limadikira mpaka idzalowe pa intaneti, choncho kudina batani sikutanthauza kuti yafufutika kale. Nanga adine liti? Ngati foni inali ndi PIN yolimba imene palibe anaiona, zam'kati ndi zotetezeka ndithu, ndipo akhoza kupatsa apolisi masiku angapo. Ngati inalibe loko, kapena muli zinthu za kuntchito kapena zithunzi zimene zingamupweteke zikatuluka, afufute tsiku lomwelo, foni aiiwale.

Wakuba akaifufuta yekha pogwiritsa ntchito mabatani a m'mbali, foni ikayaka imafuna PIN yakale kapena akaunti ya Google imene inalimo. Chitetezo chimenechi chimachepetsa mtengo wa foni yobedwa, ngakhale kuti pa mafoni akale okonza mafoni ena amatha kuchilambalala, ndipo ina imangophwasulidwa n'kugulitsidwa sikirini payokha, batire payokha. Foni yozimitsidwa n'kuphwasulidwa palibe pulogalamu imene ingaipeze. Mafoni a Android ochepa okha, monga Pixel 8 ndi otsatira ake, ndi amene amaoneka kwa maola angapo atazima.

A Samsung ndi a iPhone

Amene muli ndi Samsung muli ndi njira yachiwiri pamwamba pa ya Google. Imafuna akaunti ya Samsung, ndipo imapezeka mukasaka Find My Mobile mu Settings. Yatsani Send last location, imene imatumiza malo batire ikatsala pang'ono kutha, komanso Offline finding. Posaka mumalowa pa smartthingsfind.samsung.com. Akaunti imeneyi ili ndi pasiwedi yakeyake, ndiye nayonso ilembedwe papepala lija. Mafoni a Huawei amene anatuluka opanda mapulogalamu a Google kuyambira kumapeto kwa 2019 sagwiritsa ntchito Find Hub, amadalira akaunti ya Huawei.

Pa iPhone tsegulani Settings, dinani dzina lanu pamwamba, kenako Find My, kenako Find My iPhone. Yatsani mabatani onse atatu: Find My iPhone, Find My network ndi Send Last Location. Mafoni ambiri kuyambira pa iPhone 11 amapezekabe kwa maola angapo atazimitsidwa. Yatsaninso Stolen Device Protection, imene inabwera ndi iOS 17.3, kuti wodziwa nambala yanu yotsegulira asasinthe pasiwedi ya akaunti popanda nkhope kapena chala chanu. Posaka lowani pa icloud.com/find, pamene safuna nambala yotsimikizira yachiwiri, n'kusankha Mark As Lost. Ma iPhone ambiri kuno amagulidwa ogwiritsidwa kale ntchito, choncho onetsetsani kuti dzina limene lili pamwamba pa Settings ndi lanu.

Mukafufuta iPhone yobedwa, musaichotse mu akaunti yanu. Ikadali mmenemo, Activation Lock imaikaniza kugwira ntchito kwa wina aliyense, ndipo akuba amadziwa zimenezi. N'chifukwa chake pakapita masiku mukhoza kulandira uthenga pa nambala imene munaika pa sikirini, wonena kuti foni yanu yapezeka, dinani apa kuti muone pamene ili. Tsamba limene likutseguka limafanana ndi la Apple ndipo limafunsa pasiwedi. Mukailemba, mwawatsegulira foni nokha. Ena amaimba n'kudzitcha apolisi kapena antchito a kampani ya netiweki, n'kupempha PIN kuti "atsimikize" kuti foni ndi yanu, ndipo zimenezi amachitiranso a Android. Wapolisi weniweni amatsimikiza ndi IMEI ndi lisiti, inu muli pomwepo, ndipo PIN mumalemba ndi chala chanu foni ili m'manja mwanu. Adiresi ya icloud.com/find kapena android.com/find muzilemba nokha nthawi zonse, osadina ulalo wobwera mu uthenga.